Kupempha kuonananso ndi munthu amene munacheza naye kamodzi kokha kumsonkhano

Munthu amene mukufuna kumuonanso uja sakukukumbukirani monga mmene inu mukumukumbukirira. Inu munachoka kumsonkhano wa ku Tete muli ndi nkhope imodzi m'mutu ndi nambala imodzi m'foni. Iye anagwirana chanza ndi anthu ambirimbiri, ena a ku Tsangano, ena a ku Furankungo, ena a ku Mutarara, ndipo aliyense ankamuuza kuti tidzalankhulana. Ndiye ntchito ya uthenga wanu ndi iwiri yokha: kumubwezera pa mphindi imene munali naye, ndi kumupempha kanthu kakang'ono kamene angathe kuvomera osaganiza kawiri.

Titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tinene kuti inu ndinu mlembi wa bungwe la alimi a kachewere cha ku Domwe, m'boma la Angoniya. Munaitanidwa kumsonkhano wa masiku awiri wa zaulimi ndi malonda mumzinda wa Tete. Pa nthawi ya tiyi munapezeka mwaima pamodzi ndi mayi wina amene amagula zakudya za kampani yophikira ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Mowatize. Munacheza mphindi mwina khumi. Anakupatsani nambala, belu linalira, aliyense analowa m'holo. Basi, kudziwana kwanu konse n'komweko.

Lembani zimene ananena tsiku lomwelo

Usiku womwewo, musanagone, tengani kope lija anakugawirani pakhomo n'kulemba zimene munakambirana. Musadalire mutu. Pofika mawa lake mudzakhala mutasakaniza mawu a mayiyo ndi a bambo amene analankhula pa maikolofoni, ndipo palibe chochititsa manyazi kuposa kukumbutsa munthu mawu amene sananene.

Lembani dzina lake monga lalembedwera pakhadi, udindo wake, pamene munaima, amene anakudziwitsani kwa iye ngati alipo, ndi chilankhulo chimene munagwiritsa ntchito. Koma chachikulu ndi mawu amene anatuluka m'kamwa mwake, makamaka dandaulo lake. Anthu akamacheza pa tiyi sachedwa kudandaula za ntchito yawo, ndipo dandaulolo ndi limene mudzalowerepo. Pa chitsanzo chathu, mayi aja ananena zinthu zitatu. Anati kachewere wochokera kumtunda amafika ku Mowatize wina ataola kale, chifukwa amabwera m'matumba odzazidwa mopitirira, atafunditsidwa pepala lapulasitiki, n'kudzakumana ndi kutentha kwa kuchigwa cha Zambezi. Anati alimi amasakaniza wamkulu ndi wamng'ono m'thumba limodzi, zimene zimavutitsa ophika. Anatinso sangagule kwa gulu lopanda nambala ya msonkho, NUIT, chifukwa a zachuma kuntchito kwawo salipira popanda fatula.

Onani kuti pa zonsezi mulibe lonjezo. Mayiwa sananene kuti adzagula. Mwina pomaliza anangoti mudzandipeze tikambirane, amene ndi mawu aulemu amene aliyense amanena potsanzikana. Lembani zimenezonso monga zinalili, osawonjezera mchere.

Dziwani chimene mukupempha musanagwire foni

Ambiri amalakwitsa apa. Amafuna kukumana basi, koma mukawafunsa kuti kukumanako n'kwa chiyani, amati kudziwana. Munthu wotanganidwa sapatula nthawi ya kudziwana. Dzifunseni kuti pa mphindi 20 zimene angandipatse ndikufuna nditatuluka ndi chiyani. Kwa mlembi wathu, yankho labwino si mgwirizano wosainirana, chifukwa umenewo sungabadwe pa ulendo woyamba. Yankho ndi lakuti akufuna kudziwa kukula kwa kachewere amene amalandira, kuchuluka kwake pa sabata, ndi mapepala amene wogulitsa ayenera kukhala nawo. Ndiponso akufuna kuonetsa matumba awiri osankhidwa bwino.

Pempho lotere ndi lopepuka kulivomera chifukwa silimumangirira munthu. Ndipo likuchotsa mantha amene aliyense wa udindo amakhala nawo akaona nambala yachilendo itayamba ndi mawu akuti tinakumana kumsonkhano. Maganizo ake oyamba amakhala akuti uyu akufuna ntchito, kapena akufuna ndimulembere mwana wake, kapena ndi nkhani ya ndalama. Mukanena msanga chimene mukufuna, manthawo amatha.

Ngati bungwe lanu lilibe NUIT pamene mayiyo ananeneratu kuti popanda iyo palibe malonda, yambani mwafufuza kaye za kalembetsedwe kake, kuti polemba uthenga muthe kunena zoona za pamene mwafika. Musalembe kuti muli nayo pamene mulibe.

Nthawi ndi njira yotumizira

Tumizani pakapita masiku awiri mpaka asanu msonkhano utatha. Tsiku lotsatira msonkhano munthu amakhala ali panjira kapena akulimbana ndi ntchito imene inaunjikana. Pakatha masabata awiri nkhope yanu yafufutika. Sankhani m'mawa wa tsiku la ntchito, Lachiwiri kapena Lachitatu, cha m'ma 8:00 kapena 9:00. Osatumiza usiku kapena Lamlungu, makamaka ngati ndinu bambo ndipo mukulembera mayi. Uthenga wa 21:00 wochokera kwa mwamuna wosadziwika umawerengedwa mwa mtundu wina, nthawi zina ndi munthu winanso pakhomopo.

Njira yake ndi imene iye anakupatsani. Ngati anakutchulirani nambala, lembani pa WhatsApp kapena uthenga wamba wapafoni. Ngati anakupatsani khadi n'kuloza pa imelo, lembani imelo. Ngati nambala munaitenga pa ndandanda ya opezeka pamsonkhano kapena kwa mnzanu, muyenera kunena zimenezo m'mizere yoyambirira, apo ayi adzakhala akudzifunsa kuti nambala yanga waipeza kuti m'malo mowerenga pempho lanu.

Musayambe ndi kuimba. Foni imamupeza munthu ali pakati pa zina, ndipo kuti asaoneke wamwano amanamizira kukukumbukirani, kenako n'kufunafuna njira yodulira. Musayambenso ndi uthenga wa mawu ojambulidwa. Ife a kuno timaukonda chifukwa ndi wosavuta, koma munthu ali mu ofesi sangaumvetsere pagulu, ndipo mawa akafuna kupeza tsiku limene munatchula sangaufufuze monga amachitira ndi wolembedwa.

Pali kanthu kena ka ife a m'malire. Ambiri a ku Angoniya ndi Tsangano timayenda ndi ma simu awiri, wa kuno ndi wa ku Malawi. Onetsetsani kuti mukulemba ndi nambala yoyamba ndi +258, ndipo makamaka yomweyo imene munamupatsa. Nambala ya +265 kwa munthu wa ku Mowatize ndi ya kunja, ndipo ndi kuchuluka kwa akuba a pafoni masiku ano, angathe kuitseka asanawerenge n'komwe. Yang'ananinso chithunzi cha pa WhatsApp yanu. Ngati pali mwana wanu kapena chizindikiro cha timu ya mpira, ikanipo kaye nkhope yanu kwa masabata angapo. Nkhope imakumbutsa msanga kuposa dzina.

Kalembedwe ka uthengawo

Lembani m'chilankhulo chimene munachezera. Ngati munalankhula Chichewa, pitirizani nacho, chifukwa pamsonkhano wodzadza ndi Chipwitikizi, munthu amene analankhula naye chakwawo amakumbukika. Ngati iye ndi Mnyungwe ndipo munangomvana aliyense akulankhula chake, kapena munachezera m'Chipwitikizi, lembani m'Chipwitikizi chosavuta. Mukadziona kuti simuchilemba bwino, pemphani mphunzitsi kapena alangizi akuonereni musanatumize.

Nawu uthenga umene anthu ambiri amatumiza:

"Mwadzuka bwanji mayi. Ndi ine uja tinakumana ku Tete. Mukundikumbukira?"

Kenako amadikira. Uthengawu wamupatsa munthu mayeso. Akati sindikukumbukirani, waoneka wonyada. Akati ndikukumbukira, wanama. Njira yosavuta kwa iye ndi kusayankha, ndipo ambiri amasankha imeneyo. Funso lakuti mukundikumbukira lisapezeke paliponse mu uthenga wanu. Ntchito yokumbutsa ndi yanu.

Uthenga wabwino umabwera wonse pakamodzi, osati tizidutswa tisanu tolira motsatizana. Umayamba ndi moni wachidule ndi ulemu woyenera, n'kunena kuti ndinu ndani, kumene munaonana ndi liti, chimene iye ananena, chimene inu mwachitapo kapena muli nacho chokhudza mawuwo, kenako pempho lokhala ndi utali wa nthawi, malo ndi masiku awiri oti asankhepo. Wa mlembi wathu ungakhale chonchi:

"Mwadzuka bwanji Mayi Uje. Ndine Uje, mlembi wa bungwe la alimi a kachewere ku Domwe, Angoniya. Tinacheza Lachinayi lapitali pa tiyi wam'mawa kumsonkhano wa zaulimi ku Tete, panja pafupi ndi tebulo la mbewu. Munandiuza kuti kachewere wa kwathu amakufikani wina ataola chifukwa cha kapakidwe, komanso kuti amabwera wosasankha. Mawu amenewo ndinakawafotokozera anzanga, ndipo tasankha matumba awiri a makilo 50, lina la wamkulu lina la wapakati, kuti muone ngati ndi mmene mumafunira. Ndikupempha mphindi 20 ku ofesi kwanu ku Mowatize kuti ndidzakuonetseni ndi kumva za mapepala amene mumafuna kwa wogulitsa. Ndingathe kufika Lachitatu pa 14 kapena Lachinayi pa 15 m'mawa. Ngati masikuwa sakuyenerani, ndiuzeni limene lingatheke, kapena amene ndingaonane naye m'malo mwanu. Zikomo kwambiri."

Mzere umene ukugwira ntchito yaikulu ndi woyamba ndi mawu akuti munandiuza kuti. Munthu amaiwala nkhope ndi mayina, koma saiwala dandaulo lake, chifukwa amagona nalo. Akaliwerenga m'mawu anu amadziwa nthawi yomweyo kuti munachezadi, ndipo kuti munamvetsera. Mukadalemba zimene inu munanena, zakuti bungwe lanu lili ndi mamembala angati ndiponso linayamba liti, sizikadamukumbutsa kalikonse, poti aliyense pamsonkhanopo anamuuza zofananazo.

Kamfundo ka malo, panja pafupi ndi tebulo la mbewu, n'kothandiza koma kakhale kamodzi. Musatchule za chovala chake kapena maonekedwe ake. Ndipo samalani ndi zimene mukukumbutsa. Ngati pocheza anadandaula za abwana ake kapena anatchula wogulitsa wina amene anawapusitsa, zimenezo zisiyeni. Zonenedwa pa tiyi zikaoneka zolembedwa m'foni zimaopsa mwini wake, ndipo adzakuonani ngati munthu wosasunga pakamwa.

Choopsa china ndi kukuza mawu ake. Pali chiyeso cholemba kuti monga munalonjezera kuti mudzatigula. Ena amachita dala poganiza kuti munthuyo achita manyazi n'kuvomera. Zimene zimachitika n'zakuti amayamba kudziteteza, ndipo yankho lake loyamba limakhala lakuti ine sindinalonjeze kanthu. Mwayamba ndi mkangano musanakumane. Ngati anati mudzandipeze, mungalembe kuti munanena kuti ndingathe kukupezani, basi.

Za ulemu: m'Chichewa Mayi kapena Bambo n'kutsatiza dzina la pakhadi zikukwanira. Achimwene, asisi, amalume, zisungeni mpaka iye atayamba yekha. Ngati pakhadi palembedwa udindo wa maphunziro monga dotolo kapena injiniya, ugwiritseni ntchito polemba m'Chipwitikizi, chifukwa kuno anthu amaulabadira ndithu.

Masiku awiri amene mukutchula akhale patsogolo ndi sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo mutchule dzina la tsiku pamodzi ndi deti kuti pasakhale kusokonezeka. Yang'anani kalendala kaye. Mwezi wa Seputembala uli ndi tchuthi pa 7 ndi pa 25, kenako pa 4 Okutobala, ndipo anthu ambiri amalumikiza masiku amenewa ndi ulendo wa kwawo.

Ngati ndi mkulu wa m'boma

Apa njira imasintha pang'ono. Ngati amene munacheza naye ndi mkulu wa nthambi ya boma, monga wa ofesi ya zaulimi ndi zachuma ya m'boma lanu imene timaitcha SDAE, kapena wa kuchigawo ku Tete, uthenga wapafoni wokha nthawi zambiri sukwanira. Iye angakuyankheni bwino, koma buku la alendo ake limasungidwa ndi mlembi wa mu ofesi. Lembani kalata ya tsamba limodzi m'Chipwitikizi, pamutu pake mulembe "Pedido de audiência", ndipo mkati muike zomwe zija: msonkhano, tsiku, zimene ananena, chimene mukupempha, nambala yanu. Sindikizani makope awiri. Kasiyeni limodzi, linalo akudindireni chidindo ndi deti yolandirira, mubwerere nalo. Maofesi a boma amatsegula 7:30 n'kutseka 15:30, choncho pitani m'mawa. Mukatero ndiye mutumize kauthenga kafupi kwa mkuluyo konena kuti kalata mwaisiya tsiku lakuti. Ndipo mlembi wa pakhomoyo mulankhuleni mwaulemu womwewo umene mukanapatsa abwana ake, funsani dzina lake, chifukwa ndi iye amene mudzamuimbire pofunsa za tsiku.

Kuwerenga yankho, ndi kusayankhidwa

Akayankha kuti bwerani Lachinayi 9:00, vomerani mwachidule, bwerezani tsiku, nthawi ndi malo, n'kufunsa ngati pageti pamafunika chiphaso kapena kulembetseratu dzina. Malo a makampani a ku Mowatize amakhala ndi alonda, ndipo munthu wosalembedwa angathe kutha m'mawa wonse ali panja ndi matumba ake.

Yankho lovuta ndi lakuti mudzangofika tsiku lililonse. Likumveka lokoma, koma si pangano. Kuchokera ku Ulongwe kukafika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, kuwonjezapo ulendo wochokera ku Domwe, ndipo ndalama ya chapa ndi ya malo ogona ikuchokera m'thumba la bungwe. Musakwere galimoto chifukwa cha mawu amenewo. Yankhani kuti zikomo mayi, poti ndikuchokera kutali ndimati ndibwere Lachinayi pa 15 nthawi ya 9:00, kodi mudzakhalapo? Akakana kutchula tsiku kawiri konse, dziwani kuti akukanani mwaulemu, kapena nkhaniyo si ya m'manja mwake. Pamenepo funsani ngati pali wina amene amaona za ogulitsa atsopano.

Akati ndili wotanganidwa, tilankhule pafoni, landirani msanga. Mphindi 10 za pafoni zingakupatseni mayankho a mafunso anu atatu aja popanda kuwononga metikali ngakhale imodzi ya ulendo, ndipo matumba mungathe kuwajambula n'kutumiza zithunzi, kachewere mmodzi ali m'dzanja kuti kukula kwake kuoneke.

Nanga akangokhala chete? Yang'anani kaye ngati uthenga unafika. Pa WhatsApp kachizindikiro kamodzi kakutanthauza kuti sunafike m'foni mwake. Kakakhala choncho masiku awiri, mwina munalemba nambala molakwika kapena sagwiritsa ntchito nambalayo pa intaneti, ndiye tumizani womwewo ngati uthenga wamba. Tizizindikiro tiwiri totuwa ndiye kuti unafika. Musawerengere kwambiri zakuti sitinasanduke tabuluu, chifukwa anthu ambiri a maudindo amatseka zimenezo dala.

Dikirani sabata yathunthu. Kenako tumizani kachiwiri, kafupi, kopanda dandaulo ndipo kobweretsa chatsopano. Osalemba kuti mayi simunandiyankhe. Lembani kuti Mayi Uje, ndikungowonjezera pa uthenga wa sabata yatha, tayamba kukumba ndipo nachi chithunzi cha mmene tasankhira, ndidzakhala ku Tete Lachiwiri pa 27 ngati mungakhale ndi mphindi zochepa. Koma ulendowo ukhale woona. Uthenga wachiwiri ukapitanso m'madzi, lekani. Wachitatu ungadzatumizidwe patatha miyezi, pakakhala chifukwa chenicheni monga zokolola za dimba kapena NUIT imene munalibe ija itatuluka. Ngati panali munthu amene anakudziwitsani kwa iye pamsonkhanopo, ino ndiyo nthawi yomupempha kuti akutchuleni, kamodzi kokha.

Tsiku lisanafike, ndi tsiku lenilenilo

Dzulo lake masana, musanalipire chapa, tumizani mzere umodzi: Mayi Uje, ndikungotsimikiza za mawa Lachinayi 9:00 ku ofesi kwanu, ndinyamuka madzulo ano. Anthu amaitanidwa mwadzidzidzi ku Beira kapena ku Maputo, ndipo si onse amene amakumbukira kudziwitsa mlendo wa kumudzi. Ngati nthawi ndi ya m'mawa ndipo mukuchokera ku Angoniya, kagoneni pafupi. Chapa imanyamuka ikadzaza, osati pa ola limene inu mukufuna. Kumbukiraninso kuti Mowatize ali tsidya lino la Zambezi kwa wochokera kumtunda, choncho ngati m'bale wanu wokusungani ali mumzinda kutsidya kwa mlatho wa Samora Machel, muwerengere nthawi yowolokanso m'mawa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuchigwako kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndiye kachewere wanu muikeni pamthunzi, thumba lili lotsegula pakamwa. Zingakhale zomvetsa chisoni kukaonetsa woola kwa munthu amene anadandaula za kuola komweko.

Mukalowa, musayembekezere kuti akuzindikirani. Perekani moni, tchulaninso dzina lanu ndi la Domwe, n'kubwereza m'chiganizo chimodzi zimene ananena pa tiyi paja. Kenako funsani mafunso anu atatu ndipo mulembe mayankho iye akuona. Mphindi 20 zikakwana nenani nokha kuti nthawi imene ndinapempha yatha. Akafuna kupitiriza akuuzani kuti khalani. Musanadzuke funsani chimene muyenera kuchita kenako, kwa ndani, ndiponso pofika liti, ndipo madzulo a tsiku lomwelo mumutumizire zimenezo zolembedwa, mwachitsanzo kuti mwanena kuti titumize kope la NUIT ndi mtengo wa pa kilo kwa a zogula pofika Lachisanu pa 23.